Mpango, madiredi ndi jakisoni: kodi kulolerana kumalekezera pati?

Mu Novembala 2019, pa M'manga m'boma la Balaka, miyala inauluka chifukwa cha kansalu ka kumutu. Atsikana achisilamu anafika pasukulu ya mpingo wa Angilikani atavala hijabu, ndipo anabwezedwa. Mmene dzuwa limapendeka n'kuti anthu atavulala, magalasi a mzikiti ndi a nyumba za mpingo ataphwanyidwa, sukulu n'kutsekedwa. Patatha chaka, mu Okutobala 2020, moto unanyeketsa ofesi ya mphunzitsi wamkulu pasukulu ya Katolika ya Mpiri ku Machinga, nkhani yake yomweyo. Omwe anagendana pa M'manga sanali alendo ayi. Anali anthu otunga madzi pamjigo umodzi, ogula tomato pamsika umodzi, ena mwa iwo apachibale.

N'zosavuta kwa munthu amene ali ku Lilongwe kunena kuti mbali imodzi inangosowa nzeru. Koma mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo zomveka, ndipo amene safuna kuzimva sangamvetsenso chifukwa chake mkanganowo unatenga nthawi yaitali chonchija.

Akumpingo ankati sukulu ndi yawo. Malo ndi awo, njerwa anaumba ndi akhristu awo, ndipo makolo amene amabweretsa mwana pasukulu ya mishoni amadziwa kumene akumupereka. Yunifolomu inaikidwa kuti mwana wa wolemera ndi wa wosauka, wa mpingo uwu ndi wa uwo, azioneka chimodzimodzi. Mukalola mmodzi kuwonjezera chake, mawa wina abwera ndi chakenso, ndiye mudzakana bwanji? Panalinso mantha ena amene sankanenedwa mokweza: akuti m'madera momwe Asilamu ndi ochuluka, sukulu ya mpingo idzangotsala dzina lokha pachikwangwani.

Asilamu nawo ankati aphunzitsi a pasukuluzo amalipidwa ndi boma, kuchokera kumisonkho ya aliyense, ndipo m'midzi yambiri ya ku Mangochi, Machinga ndi Balaka sukulu ya mishoni ndiyo yokhayo imene mwana angafikeko wapansi. Kuuza mtsikana kuti ngati safuna kuvula apite kwina n'chimodzimodzi kumuuza kuti akhale pakhomo. Ndipo bala ili ndi lakale. M'nthawi ya atsamunda maphunziro anali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo ambiri achisilamu sankatumiza ana awo kusukulu poopa kuti akawatembenuza. Maboma amenewa anatsalira pamaphunziro kwa zaka zambiri chifukwa cha zimenezi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, Akhristu 77, koma ku Mangochi ndi ku Machinga Asilamu ndiwo ambiri. Choncho amene ali wochepa ku Kasungu ndiye wochuluka ku Namwera, ndipo aliyense ali ndi malo ake amene amafunako kuti anzake amulolere.

Bungwe la PAC, lomwe lakhala likusonkhanitsa atsogoleri a zipembedzo kuyambira 1992, ndilo linakhala pakati. Zokambirana zinayenda mwakachetechete kwa miyezi yambiri, mpaka mu Juni 2021 pamene atsogoleri achikhristu ndi achisilamu anasainirana mgwirizano. Mfundo yake yaikulu inali yaifupi: mtsikana wachisilamu akhoza kuvala hijabu pasukulu ya mpingo yothandizidwa ndi boma, koma mtundu wake ufanane ndi yunifolomu ya pasukulupo.

Chochititsa chidwi pamgwirizanowu ndi zimene sunapemphe. Sunauze wansembe kuti avomereze kuti Mulungu amafuna akazi aziphimba kumutu. Sunauze shehe kuti avomereze zimene zimaphunzitsidwa paguwa Lamulungu. Wansembe anatuluka m'chipindamo akukhulupirirabe kuti shehe ndi wosochera pankhani ya Yesu, shehe nayenso akuganiza chimodzimodzi za wansembe. Chimene anagwirizana n'chakuti kusiyana kwawoko sikudzalipiridwa ndi mwana wa Sitandade 6. Mpingo unasunga mtundu wa yunifolomu yake, mtsikana anasunga mpango wake ndi malo ake m'kalasi.

Pamenepa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Ena amaganiza kuti ukalolera mnzako ndiye kuti wavomereza zonse zimene amachita, choncho amakana kulolera poopa kugulitsa chikhulupiriro chawo. Ena amaganiza kuti munthu wololera sayenera kutsutsa chilichonse, ndipo akamva mlaliki akunena kuti njira yake ndiyo yoona amati ndi wodana ndi anzake. Onsewa aphonya. Sungalolere chinthu chimene ukugwirizana nacho kale, chimenecho umangochikonda. Kulolera kumayamba pamene chinthucho sukuchifuna, mphamvu zochiletsa uli nazo, koma ukusankha kusazigwiritsa ntchito. Akumudzi amazidziwa bwino izi ngakhale sazitchula ndi mawu aakulu. Pamaliro kapena paukwati wa Mkhristu, mbuzi ikafika amaitana Msilamu kuti adzachinje, kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. Mwini mbuziyo sakhulupirira kuti nyama yozinga iye mwini ndi yodetsedwa, ndipo mawa lake akhoza kukagula kapado pamsika. Wangoona kuti kupereka mpeni kwa mnzake sikumuchotsera kalikonse, pamene kuumirira kukanachititsa kuti theka la mudzi libwerere ndi njala.

Nanga malamulo amati chiyani? Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo. Koma gawo lofunika kwambiri pankhani yathuyi ndi 44, limene limafotokoza nthawi imene ufulu ungachepetsedwe. Silinena kuti ufulu ulibe malire. Limanena kuti wofuna kuika malire ndiye ali ndi mlandu wofotokoza, ndipo ayenera kudutsa pazipata zingapo: chiletsocho chikhale cholembedwa m'malamulo, chikhale chanzeru, chigwirizane ndi mfundo za ufulu wa anthu zimene mayiko amavomereza, ndipo chikhale chofunikadi m'dziko la ufulu ndi demokalase. Kuwonjezera apo, chisaphe phata lenileni la ufuluwo, ndipo chikhudze anthu onse mofanana, osati kusankha gulu limodzi.

Zipata zimenezi zinayesedwa pamlandu wa ana a Marasta. Kwa zaka zambiri sukulu za boma zinkakana mwana wamadiredi pokhapokha atameta. Kwa Mrasta tsitsi limeneli ndi lumbiro kwa Mulungu, lotengedwa palamulo la Mnaziri la m'buku la Numeri, choncho makolo ambiri ankasankha pakati pa zinthu ziwiri zowawa: kulipira sukulu yoyima payokha ndi ndalama zimene analibe, kapena kusunga mwana kunyumba. Mlandu unakafika kubwalo lalikulu ku Zomba unali wa ana awiri, wina amene anasankhidwa kupita kusekondale ya Malindi ndipo wina amene anakanidwa pasukulu ya pulayimale ya atsikana ku Blantyre. Mu Januwale 2020 khoti linalamula kuti ana otere ayambe alandiridwa podikira chigamulo, ndipo pa 8 Meyi 2023 woweruza Zione Ntaba anagamula kuti kukakamiza ana a Marasta kumeta kuti alowe m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Unduna wa Zamaphunziro unauzidwa kuti ulembere sukulu zonse pofika kumapeto kwa Juni chaka chomwecho.

Tiyeni tidutse nawo mlanduwu pazipata zija monga mmene munthu wamba angachitire. Kodi chiletsocho chimateteza yani? Ena amati ukhondo. Koma ngati vuto ndi nsabwe kapena litsiro, lamulo loyenera ndi lakuti tsitsi likhale lochapa ndi lomanga bwino, ndipo lamulo limenelo lingagwire mwana aliyense popanda lumo. Ena amati chamba. Koma chamba chili ndi lamulo lake, ndipo mwana wogwidwa nacho pasukulu amalangidwa kaya ndi wampala kaya wamadiredi, tsitsi silisuta. Ena amati mwambo wa sukulu. Apa m'pamene pali gwero lenileni, chifukwa maganizo akuti mwamuna wa tsitsi lalitali ndi wosalongosoka tinawatenga m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene akazi ankaletsedwa mathalauza ndi masiketi aafupi ndipo mwamuna wolekerera tsitsi ankatha kumetedwa mokakamiza. Malamulo a kavalidwe amenewo anatha pamene ndale zimasintha, koma lumo linatsala m'diresi ya ahedi. Ukachotsa zonsezi, chotsala n'chakuti anthu ambiri sakonda kuona madiredi. Kusakonda kumeneko ndi ufulu wawo, ndipo khoti silinalamule mphunzitsi aliyense kuti ayambe kuwakonda. Linangoti kusakonda pakokha si chifukwa chokwanira chotsekera mwana chitseko.

Dziko lino linaonapo kale zimene zimachitika pamene mkwiyo wa anthu ambiri ndiwo ukujambula malire. A Mboni za Yehova ankakana kugula makadi a chipani cha Kongeresi chifukwa chiphunzitso chawo chimawaletsa kulowa ndale. Msonkho ankakhoma, malamulo ena ankatsata, koma khadi ankakana. Mu 1967 boma linaletsa mpingo wawo. Mu 1972 zinthu zinafika poipa: anachotsedwa ntchito, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa ndi ayufi ndi apayoniya, ena anaphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu Ogasiti 1993. Amene ankachita zimenezi sankadziona ngati ankhanza. Ankati akuteteza umodzi, imodzi mwa nsanamira zinayi zija, ndipo ankati kulolerana kuli ndi malire ake. Mawu akuti malire ndi okoma m'kamwa mwa wamphamvu, n'chifukwa chake aliyense wowatchula ayenera kufunsidwa kuti atchule dzina la wopwetekedwayo. Munthu wosagula khadi sankachotsera mnzake nsima, thanzi kapena mtendere. Khadi lomwelo linadzavutitsanso Amalawi ena onse pazipata za misika ndi pokwera basi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komatu malire enieni alipo, ndipo kukana kuwatchula ndi ulesi umene umavala nkhope ya ulemu. Mu 2010 chikuku chinabuka m'dziko muno kuposa mmene chinachitira kwa zaka zambiri. Odwala anapitirira 130,000 ndipo omwalira amene analembedwa anapitirira 300, ambiri mwa iwo ana. Boma linachita kampeni ya katemera, koma m'madera ena alangizi a zaumoyo anapeza zitseko zotseka. Magulu ena a mipingo ya Ziyoni ndi ya Apositoli amaphunzitsa kuti mankhwala ndi chizindikiro cha kuchepa chikhulupiriro, ndipo kuti wodwala amachira ndi pemphero. Makolo ena anabisa ana, ena anawasonkhanitsa m'nyumba zopempherera, odwala ndi abwinobwino pamodzi. Apolisi analowererapo, ana ena anabayidwa katemera makolo asakufuna, ndipo makolo ena anakaonekera kukhoti.

Poyang'ana pamwamba, nkhaniyi ikufanana ndi za hijabu ndi madiredi: gulu laling'ono, chikhulupiriro chochokera pansi pa mtima, ndi boma lobwera ndi mphamvu. Kusiyana kwake kuli m'kachitidwe ka nthendayo. Chikuku chimayenda mumpweya, ndipo kachilombo kake kamatha kukhalabe m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatulukamo. Pakati pa anthu opanda chitetezo, wodwala mmodzi amatha kupatsira anthu 12 mpaka 18. Amayamba kupatsira ena masiku anayi zidzolo zisanatuluke, pamene aliyense akuganiza kuti ndi chimfine chabe. Kuti nthendayi isayende m'mudzi pamafunika kuti anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse akhale otetezedwa. Tsono kusikelo katemera woyamba wa chikuku amaperekedwa mwana akakwanitsa miyezi 9, wachiwiri pamiyezi 15. Izi zikutanthauza kuti khanda la miyezi isanu ndi umodzi la kunyumba yoyandikana nayo, limene mayi ake sanaphonyepo sikelo ngakhale kamodzi, likudalira kuti ana akuluakulu olizungulira anabayidwa. Banja limodzi likakana, silinadzisankhire lokha. Lasankhira mwana wawo amene sanafunsidwe, lasankhiranso khanda la eni ake.

Apa wopwetekedwa ali ndi dzina, ali ndi msinkhu, ndipo chovulala chake sichibwezeka: chikuku chimapha kudzera m'chibayo ndi kutsegula m'mimba, ndipo chimatha kusiya mwana wakhungu, makamaka wonyentchera. Mpango wa mtsikana suchita zimenezi kwa wokhala naye desiki. Gawo 23 la malamulo aakulu limateteza mwana aliyense payekha, osati ngati katundu wa makolo ake, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa boma mphamvu yolowererapo pamene mwana akumanidwa chithandizo chofunika. Chiletso cha mtundu uwu chimadutsa pazipata za gawo 44 mosavuta, chifukwa chimagwira kholo lililonse, kaya lakana chifukwa cha mpingo, kaya chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp, kaya ulesi chabe.

Msinkhu wa munthu umasintha nkhani yonse. Taganizirani bambo wa zaka 40, wamutu wake wabwinobwino, amene akukana kuikidwa magazi chifukwa cha chikhulupiriro chake. Dokotala akhoza kumufotokozera zoopsa zake, kumuchonderera, ngakhale kupita kunyumba akudziguguda pachifuwa kuti munthuyo akutaya moyo pachabe. Koma thupi ndi la mwini wake, ndipo madokotala amaphunzitsidwa kuti wamkulu womvetsa zimene akukana sakakamizidwa. Uku ndiko kulolera kowawa koposa, chifukwa ukuonerera chinthu chimene ukukhulupirira kuti n'cholakwika kwambiri. Koma pabedi pomwepo pakagona mwana wa zaka zinayi amene malungo amuthera magazi, bambo yemweyo alibe mphamvu yofanana, ndipo m'mayiko ambiri makhoti amalola madokotala kupulumutsa mwanayo makolo atakana. Mpingo ndi womwewo, chiphunzitso n'chomwecho, ndipo ndi anthu omwe aja amene boma linawalakwira koopsa pankhani ya makadi. Kulakwiridwa pa chinthu chimodzi sikusandutsa munthu wolondola pa zonse, monganso kulakwitsa pa chinthu chimodzi sikupatsa ena chilolezo chomuotchera nyumba.

Mfundo yomweyi ndiyo inagwira ntchito pamaukwati a ana. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kuti munthu wosakwana zaka 18 asakwatiwe kapena kukwatira ngakhale makolo atavomera. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa paudindo mafumu ang'onoang'ono owaloleza, koma sinachite zimenezi ponyoza mwambo wonse wa anthu ake. Inali mfumu ya mwambo womwewo, ndipo inadula nthambi imodzi yokha imene inkapweteka ana.

Kudula nthambi imodzi yokha n'kumene kumavuta, chifukwa pamene tapeza chifukwa chenicheni choletsera chinthu, mtima umafuna kulanga gulu lonse. Mu mliri wa chikuku cholinga chinali chakuti mwana abayidwe. Sichinali chakuti tchalitchi chitsekedwe, kapena kuti anthu ovala mikanjo yoyera azitonzedwa pamsika, kapena kuti ana awo azitchedwa mayina kusukulu. Chizindikiro chakuti malire ajambulidwa molakwika n'chosavuta kuona: chilango chimapitirira vuto limene chimati chikuthetsa, ndipo chimagwera ngakhale amene sanachite kanthu. Mukamva anthu asiya kunena za katemera n'kuyamba kunena za “anthu amenewa”, dziwani kuti nkhani yasintha.

Palinso chifukwa china, cha ntchito yeniyeniyo, chochitira zinthu mofatsa. Apolisi akhoza kuperekeza alangizi a zaumoyo tsiku limodzi, koma katemera wa chikuku ndi wa maulendo awiri otalikirana miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pambuyo pake pali poliyo, pali kolera, pali mimba ya mayi yemweyo imene idzafuna chipatala. Banja limene lachititsidwa manyazi pamaso pa mudzi limasamukira kumunda kapena kuwoloka malire, ndipo mwana wotsatira sadzalembedwa m'kaundula aliyense. Alangizi amene akhalitsa m'madera otere amadziwa njira zina. Amayamba kukhala pansi ndi mtsogoleri wa mpingowo pamodzi ndi amfumu, osatsutsana naye za mphamvu ya pemphero, koma kupempha chinthu chimodzi chokha. Amadziwanso kuti m'mipingo yotere muli amayi amene amafuna katemerayo koma amaopa kuonedwa pamzere wa sikelo, choncho amawapezera nthawi ina ndi malo ena kumene maso a anthu kulibe. Mayi wotere sanasiye mpingo wake, ndipo Loweruka kapena Lamulungu adzavala mkanjo wake n'kukaimba monga mwa masiku onse. Mphamvu ya lamulo imasungidwira pamene njira zimenezi zakanika ndipo mwana ali pangozi yooneka, monga nthawi ya mliri kapena pamene wodwala watsekeredwa m'nyumba akupuma movutika.